Mbuzi ya nambala eyiti

Malamulo a pasikimu yathu ya mpunga anali aatali ngati ngalande yaikulu. Amlembi akayamba kuwawerenga pamsonkhano, mwana wa kumsana ankadzuka, kuyamwa, kugonanso, iwo akadali pakati. Ambirife sukulu tinangoiona denga podutsa, ndiye tinangogwira manambala basi. Lamulo lililonse linali ndi nambala yake. Amlembiwo, omwe kale anali aphunzitsi, ankati nambala ndi chingwe cha pakhosi: ukafuna lamulo limodzi umalikoka lokha, kulitchula pamlandu kapena kulikonza, anzake osawadzutsa.

Ife manambalawo tinawasandutsa zotukwanirana. Faifi linali la kuba madzi a mnzako. Seveni linali la kujomba tsiku lokonza ngalande. Ukakumana ndi mlesi panjira ya kudooko sumataya malovu, umangoti, "Mwadzuka bwanji a seveni?" Iye n'kuyankha, "Ndadzuka, kaya inu a faifi."

Panali malamulo awiri amene sindinkawasamala mpaka atandikhudza. Eyiti ankanena za odwala ndi oferedwa, kuti akauze komiti ndipo apumule. Leveni ankati munthu akagoneka puloti nyengo yathunthu alandidwe, kupatula anthu otchulidwa mu eyiti. Mwamva? Leveni sankabwereza za odwala ndi oferedwa ayi. Ankangoloza chala kwa mnzake, ngati mwamuna waulesi amene ukamufunsa za mchere amati, "Kafunse amayi ako."

Chaka chimene bambo a kunyumba kwanga anamwalira, ine sindinalime. Anadwala nthawi yofesa, anatisiya nthawi yowokera, ndipo pomwe ankandimeta anzanga anali akupirikitsa mbalame. Ndinatuma achemwali anga kukauza komiti, komiti inamva. Puloti inamera udzu, achule n'kumangamo mudzi.

Chaka chomwecho mbuzi ndi ng'ombe zinavuta pasikimu. Msonkhano waukulu unagwirizana kuti pakhale lamulo la eni ziweto: chiweto chako chikadya mpunga wa mnzako, ukakumbe ngalande wekha. Amlembi anali munthu wokonda zinthu zandondomeko, mpaka mabatani a jekete ankawamanga onse ngakhale dzuwa la Okutobala likuwotcha. Anaona kuti lamulo latsopanoli likunena za ngalande, ndiye malo ake ndi pafupi ndi seveni. Analilowetsa pomwepo n'kulitcha eyiti. Eyiti wakale anasuntha n'kukhala naini, naini n'kukhala teni, onse kumangokankhana ngati pabenchi ya kutchalitchi pakafika mayi wonenepa. Leveni anakhala thwelofu. Malamulowo anawataipitsa kutauni ku Zomba, anawawerenga pamsonkhano, anthu anawomba m'manja kuti athe msanga, atcheya n'kusaina.

Nyengo yotsatira itayandikira, anandiitanitsa ku komiti. Ankakumana pakhonde la shedi ya mpunga, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri chimene chinkamva milandu yonse osayankhapo. Ndinapeza atcheya, amlembi, madoda ena, ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu, atakhala mwaulemu manja pamaondo ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Puloti yake inali kumunsi kumene madzi amafika atatopa. Yanga inali pafupi ndi chipata cha madzi. Ankaiyang'ana kuyambira kale, ngakhale patsiku la maliro ndikuganiza kuti diso limodzi linali komweko.

"Mayi," anatero atcheya, "alamu anuwa adandaula kuti puloti yanu inagona. Amlembi, tiwerengereni thwelofu."

Amlembi anawerenga. Wogoneka puloti alandidwe, kupatula otchulidwa mu eyiti.

"Ndiye ndine ameneyo," ndinatero. "Eyiti ndi ife amasiye."

"Werenganinso eyiti, amlembi," anatero mlamu wanga, mawu ofewa ngati nthochi yakupsa.

Amlembi anatembenuza pepala. Anayamba mwamphamvu, "Aliyense amene ali ndi ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa," kenako mawu anawathawa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, koma mbuzi zinali pomwepo. Posuntha manambala aja anaiwala kukonza chala cha thwelofu. Chinkalozabe pampando wakale, pamene tsopano panakhala ziweto. Ife amasiye tinali titasamukira ku naini, kopanda wotiloza.

"Apa ndinalakwitsa ndine," anatero amlembi. "Pamayenera kukhala naini."

"Ndiye tengani cholembera mukonze," ndinatero. "Si chili m'thumbamo?"

"Mayi, sindingathe. Lamulo lomaliza likuti palibe wosintha ngakhale nambala imodzi, koma msonkhano waukulu wa alimi onse. Ndikakhwatcha lero chifukwa cha inu, mawa wina adzandikhwatchitsa chifukwa cha mlamu wake."

"Mlamu wake ndi uyu wakhala apayu!"

Madoda anaseka, atcheya anakhosomola. Msonkhano waukulu unali kutali, unkachitika tikakolola. Maina a oti alime ankatsekedwa tisanafese. Atcheya anati iwo mtima wawo uli ndi ine, koma pepala ndi limene anasaina, ndipo masiku amenewo munthu sunkafuna kumveka kuti ukutsutsana ndi pepala lokhala ndi chidindo. Anandipatsa mpaka komiti yotsatira kuti ndibwere ndi chonena.

Ndinali ndi ana anayi. Mpunga wa pulotiyo ndi umene unkatidyetsa, chifukwa munda wa kumtunda unali mchenga wokhawokha, chimanga chake chofika m'chiuno.

Potuluka amlembi ananditsatira mpaka pamene anaimika njinga. Nkhope ili gwa, ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Pepani mayi. Thwelofu panopa akuteteza eni mbuzi. Ndi zopusa, koma ndi mmene zalembedwera."

"Ndiye amene ali ndi mbuzi salandidwa?"

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana tcheni cha njinga. "Ine sindinanene kanthu. Ndangowerenga."

Ine mbuzi ndinalibe, ngakhale nkhuku zinali zitatha ndi maliro. Chimene malemu anasiya ndi ukonde wa matemba umene ankapita nawo ku Chilwa mpunga ukakhala kuti sukufuna munthu. Ndinausenza kupita kwa bambo wina wachisilamu wa kudooko, wogulitsa nsomba zouma. Anautambasula, kuwerenga mabowo ndi chala, n'kuseka.

"Amama, uwu ndi ukonde kapena ndi njira ya nsomba?"

"Nanga mbuzi yanuyo ndi mbuzi kapena ndi nthiti zoyenda?"

Tinasinthana. Inali yaikazi, ya khutu limodzi long'ambika, ya maso ngati a munthu amene anakhalapo kundende.

Tsiku la komiti ndinavala chitenje changa chabwino, mbuzi pachingwe, mpaka pakhonde la shedi. Anthu amene anabwera kudzatenga mbewu anasiya mzere n'kutizungulira.

"Mayi, kuno si kumsika," anatero atcheya.

"Ndabwera ndi mboni, atcheya. Amlembi awerenge eyiti, kenako awerenge thwelofu. Ine ndi mwini chiweto."

Amlembi anawerenga onse awiri, pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Mbuzi inayamba kutafuna ngodya ya nsalu ya patebulo.

Mlamu wanga anaimirira. Munthu uja sanali wopusa ayi. "Atcheya, mbuziyi yagulidwa ndi ukonde wa achimwene anga. Katundu wa malemu sitinagawe. Ndiye mbuziyi ndi ya kwathu, si ya mayiwa. Iwo angoigwirira chingwe."

Apo ndinaona mdima. Zinali zoona kuti akuchimuna anali asanabwere kudzagawa katundu. Madoda anayamba kukangana, wina akuti ukonde ndi wa ana, wina akuti ndi wa abale. Atcheya, amene sankakonda kugamula kanthu dzuwa lisanapendeke, anati nkhani ya mwini mbuzi aione kaye, tidzabwerenso.

Ndinabwerera kunyumba ndikuitukwana mbuziyo njira yonse. Ndinaimangirira pamtengo wa bwemba ndi chingwe cha mlaza, osadziwa kuti mlaza kwa iyo ndi ndiwo.

Sindinaitume, ndikulumbira. Anthu mpaka lero amati ndinainong'oneza m'khutu long'ambika lija, koma ine ndinali kumtondo. Inadya chingwe, inatsika yokha kusikimu, inadutsa manazale a anthu onse osawanunkhiza n'komwe, n'kukaima mu nazale ya mlamu wanga. Iye anali atafesa msanga, ndiponso mowirikiza, poti ankawerengera mapuloti awiri. Mbande zinali zitangofika msinkhu wokoma. Inameta bwinobwino ngati wometa wa pamsika.

Ndinangomva phokoso, ndinasiya musi n'kuthamangira komweko. Mlamu wanga akuikoka ndi nyanga kupita kushedi, matope mpaka m'mawondo, ana a m'mudzi pambuyo, amayi otuluka kokonzekera magule a chipani nawonso atalowa mumzere ndi nyimbo yawo. Atcheya ndi amlembi anali pomwepo, akugawa feteleza ndi alangizi.

"Eyiti!" anakuwa mlamu wanga. "Ndikufuna eyiti! Mbuzi ya mayi awa yandithera nazale yonse!"

"Ya ndani?" anafunsa amlembi, cholembera chili kale m'manja.

"Ya mayi awa! Simukuiona? Akumbe ngalande!"

"Alamu," ndinatero, "si ya kwanu ija? Ya ukonde wa achimwene anu?"

Mlamu wanga anaiyang'ana mbuziyo. Akati ndi yake, ndiye kuti yadya za mwini wake, palibe mlandu, ndipo anthu amuseka mpaka Khirisimasi. Akati ndi yanga, wandiika yekha mu eyiti. Mkwiyo unamusankhira. Anayang'ana matope a m'miyendo yake, n'kunena kuti, "Ndi yawo. Akumbe."

Atcheya anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo. Anagamula pomwepo, anthu onse akumva: mayiwa ndi mwini chiweto, alakwira eyiti, akumbe ngalande kuchokera pachipata mpaka pamlatho wa matabwa. Ndipo poti ndi wotchulidwa mu eyiti, thwelofu sakuwakhudza, dzina lawo likhale pa puloti.

Msonkhano waukulu utafika, amlembi anaimirira okha n'kupempha kuti mu thwelofu achotse eyiti aikemo naini. Anapemphanso kuti lamulo latsopano likamabwera lisamakankhe anzake, lizingokhala pambali ndi chilembo, monga seveni A, kuti zala zonse zizilozabe pamene zinkaloza. Anthu anakweza manja. Amene anatsutsa anali madoda awiri omwe anali atagula kale mbuzi mwakachetechete.

Koma zimenezo zinali za pambuyo. Ngalande ija ndinaikumba ndekha, m'matope onunkha, misundu ikundiyamwa m'akakolo, msana ukulira. Odutsa ankandipatsa moni wa nambala yanga yatsopano, ine n'kumayankha ndi khasu m'mwamba. Nditafika pamlatho ndinasamba m'manja, ndinapita kwa achemwali anga kukapempha mbande zotsala, n'kuyamba kuwokera mochedwa, kuyambira kungodya ya kuchipata.