Tayala Lopanda Mano

Pa msika wa Limbuli mukafuna nkhwaila za matayala kapena linya lomangira denga, amakulozerani kuseri kwa mzere wa kaunjika, pa chisakasa cha a Alufeyo. Ine dzina langa ndi Esteri, ndimagulitsa mchere ndi soda pafupi nawo pomwepo, ndipo takhala tikukangana zaka zambiri chifukwa cha tizidutswa ta labala timene timagwera m'mchere mwanga. Munthu wake ndi wamfupi, wosalankhula zambiri, wa chifuwa chimene mumachimva musanamuone. Chifuwacho anabwera nacho ku Theba, kumene anatsikako mumgodi ali mnyamata. Anzawo anabwera ndi mawayilesi ndi njinga, iwo akuti anabwera ndi mpeni wabwino umodzi ndi chifuwa, basi.

Foni yotsegula zithunzi alibe, ndiye yanga yasanduka yawo. Madalaivala a malole akafuna kutaya matayala akale amatumiza chithunzi pa Watsapu, ine ndikusiya makasitomala anga n'kukawagwirira foniyo ngati ndinalembedwa ntchito. A Alufeyo amapukuta magalasi pa malaya, kenako n'kusuzumira.

"Ili ayi. Taonani mimba yatuluka m'mbalimu pamene lagunda pansi. Lawaya limenelo, lindithera mpeni."

"Nanga ili?"

"Eya, ili m'mbali mwaima chilili. Lanayiloni. Auzeni abwere nalo."

Mwa kugwira foni komweko ndinaphunzira zimene sindinapemphe. Lakutsogolo kwa lole limakhala ndi mizere yoyenda molondola msewu kuti galimoto imvere chiwongolero, lakumbuyo limakhala ndi mano opingasa okankhira. La thirakitala ya kumunda mano ake ndi akuluakulu, opendeka, okumana pakati kuti azikumba dothi n'kutaya matope. Amatha kukuuzani ntchito ya galimoto asanaione galimotoyo. Koma muwafunse kuti mchere wakwera bwanji, sadziwa kanthu, aaa!

Akazi awo anamwalira kale, anawasiyira anyamata awiri. Wamkulu Bizwick anapita ku Joni madzi a namondwe Freddy atakwirira munda wawo ndi mchenga. Wamng'ono Hopewell anatsala, amathyola tiyi ku esiteti mvula ikamagwa, chilimwe chikafika amamuuza kuti akadikire kunyumba. Ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Ndi Hopewell yemweyo amene amakweza bambo ake panjinga chifuwa chikawapana, ndipo a Alufeyo anali atalumbiritsa ana onse awiri kuti ntchito ina iliyonse agwire, ngakhale yokumba zimbudzi, koma pansi pa nthaka asadzalowe.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, chithunzi cha Bizwick chinalowa m'foni yanga pamodzi ndi mawu ojambula. Mnyamata wanenepa ndithu, jekete yatsopano, watsamira tayala lalikulu lomufika pachifuwa. Makina ake sankaoneka, kungoti kachitsulo kachikasu pakona. Mawuwo amati: "Ababa, ndili pa famu ya malalanje, iyi ndi thirakitala yathu. Malo alipo a munthu mmodzi. Hopewell anyamuke mwezi uno usanathe."

Ine ndinalulutira, bodza n'loipa. Amayi a kaunjika anabwera, Hopewell tinamuitana kuchokera kokonzetsa njinga, foni inayenda dzanja ndi dzanja. Itafika kwa a Alufeyo, sanayang'ane nkhope ya mwana wawo nthawi yaitali.

"Mayi Esteri, tandikulitsirani apa."

"Nkhope ili uku, inu!"

"Ndati apa."

Ndinakulitsa tayalalo mpaka linadzaza foni yonse. Linali losalala, lopanda dzino ngakhale limodzi, lodzaza ndi mabala ngati wina analitematema ndi chikwanje. Anayang'ana, n'kutsokomola, n'kuyang'ananso. Kenako anakhala pansi pa tayala limene amadula, mpeni uli m'manja.

"Uyu sali pa famu," anatero. "Uyu ali kumgodi."

Anthu anaseka, woyamba ndinali ine. Kuno tayala losalala timalidziwa bwino, theka la maminibasi opita ku Boma amayendera omwewo. Ndinawauza kuti, "Inu a Alufeyo, tayala latha ili, mwini famuyo ndi woumira basi. Nkhani ili pati?"

Sanakwiye. Anaika chala chawo chakuda pagalasi la foni yanga, chimene ndimadana nacho kwambiri.

"La thirakitala likatha limayamba kutha pakati. M'mphepetemu zitsa za mano zimatsala, ngakhale litatheratu mumaona pamene panali mano. Apa zitsa zili kuti? Ili silinathe, analiumba chonchi. Taonani phewa lake, lakona, labala wake wokhuthala kuposa dzanja langali. Taonani m'mbali, mwawongoka, mwanenepa, kuti mwala ukakhula usaboole. Ndipo kamzere aka kamodzi kodula paphewa, n'koyezera kuti labala watsala wochuluka bwanji. Kakadali kakuya. Tayala ili likadali ndi moyo."

"Nanga wamisala wake ndani woumba tayala lopanda mano?" ndinafunsa.

"Mano ndi a dothi. Pa miyala yophulitsidwa kumene, yakuthwa, mano amang'ambika, mwala umalowa m'mpatamo n'kudula. Ndiye makina otapa miyala pansi amawaveka losalala. Ili mulipititse m'munda wa malalanje mvula itagwa, lingozungulira pamodzimodzi mpaka madzulo."

Hopewell anaseka, koma osayang'ana bambo ake. "Ababa, zija zogandira phula pamsewu nazonso zili ndi osalala."

"Aja ndi ang'onoang'ono, amakhala ambiri pamzere umodzi, ndipo sakhala ndi mabala otere. Ine makina amenewa ndakhala nawo m'dzenje limodzi, mwana wanga. Ndawapumira utsi."

Tinamuimbira Bizwick, sanayankhe. Tinamutumizira mawu a bambo ake, ine ndagwira foni, iwo akulankhula mokuwa ngati Joni ali kuseri kwa msika. Mawa lake yankho linabwera, akuseka: "Ababa, inu ndi matayala anuwo! Ndi malalanje kuno. Hopewell asachedwe." Ndinamulembera ndekha kuti ajambule thirakitala yonse, kapena mtengo umodzi wokha wa lalanje, nkhalamba igone tulo. Anawerenga, sanatumize kanthu. Pamenepo ndinasiya kuseka.

Masiku otsatirawo a Alufeyo sanadule nkhwaila n'imodzi yomwe. Anayenda ndi nkhani yawo paliponse. Anapita kwa mlamu wawo a Yakobo, amene kwathu kuno ndiye mwini mbumba, mawu ake pa ana amalemera kuposa a bambo. A Yakobo anayang'ana chithunzicho n'kuti mwana akuoneka wathanzi, tayala si mboni. Anapita kwa abusa, abusa anawapempherera kuti mtima ukhale m'malo. Anabwerera kwa ine.

"Mayi Esteri, foni imeneyi singanene pamene anajambulira?"

"Singanene."

"Tayala landiuza ntchito. Malo silinandiuze. Ndikanadziwa dzina la mgodiwo..."

"Mukanatani?"

Ndinadzida chifukwa cha funso limenelo. Akanatani? Munthu woti kufika pa Chinakanaka pafupi pomwepa ndi ulendo waukulu. Ndinawamvera chisoni choti sindinachimvepo pa munthu amene si m'bale wanga.

Ndinamugwira Hopewell ndekha akudutsa pa benchi langa. Ndinamukalipira zenizeni, mpaka amayi a tomato anatembenuka. Ndinamuuza kuti bambo ako usiku sagona ndi chifuwa cha kumgodi, iwe umawamva, lero ukufuna kukatenga chako? Iye anangoima manja m'thumba.

"Amayi, achimwene anena kuti ndi famu."

"Ndiye bambo ako ndi abodza?"

"Sindinatero. Koma tiyi watseka. Mwana akudwaladwala. Munda ndi mchenga wokhawokha. Mundiuze inuyo pogwira."

Ndinamuthira mchere wa ulere m'pepala, zopusa, ngati mchere ndi yankho.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza pa siteji m'mawa, ine, mkazi wake mwana ali kumbuyo, ndi a Alufeyo atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ndinkayembekeza kuti amugwira mkono, kapena agona kutsogolo kwa minibasi, chifukwa dzulo lake usiku anali atanena kuti atero. Sanachite zimenezo. Anaima pawindo pamene mwana wawo anakhala, akupuma movutika chifukwa cha kamtunda kochokera kumsika, n'kuyamba kulankhula motsitsa.

"Makina amenewo woyendetsa amakhala cham'mbali, saona bwino. Ukamva akubwera, usathamange kutsogolo kwake, upeze pobisala m'khoma. Chotseka pamphuno akakupatsa usavule, ngakhale kutenthe bwanji. Akakuuza kuti uboole mwala popanda madzi, ukane, fumbi lake ndi limeneli ndili naloli. Ndipo usalowe malo amene aphulitsa kumene asanagogode denga ndi chitsulo."

Ndinadikira kuti Hopewell aseke, anene za malalanje zija monga ankanenera masiku onsewa. Kondakitala anali akumenya kale chitseko, akukuwa za Limbe. Hopewell anatulutsa mutu pawindo, maso ali ofiira.

"Ababa, nanga mwala woti ugwa umalira bwanji?"

Mkazi wake anagwira pakamwa. Mwana ameneyu ankadziwa.

A Alufeyo anayang'ana uku ndi uku. Anawerama, n'kugogoda ndi chigwiriro cha mpeni wawo pa chitsulo cha gudumu la minibasiyo, chinalira ngwee.

"Uwu ndi wabwino."

Kenako anagogoda chigubu chopanda kanthu chimene chinamangidwa kumbuyo, chinalira phuu, phuu.

"Ukamva chonchi, usayang'ane m'mwamba. Uthawe."

"Bwerezaninso, ababa."

Anakweza dzanja kuti agogodenso, koma dalaivala anali ataponda kale moto, ndipo chigubucho chinawadutsa asanachikhudze.