Ukulu wa pa Chitupa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene amawerenga tsitsi la kumutu kwathu, ndipo sasowa fomu kuti adziwe tsiku limene aliyense anabadwa.

Ndili ndi alongo anga awiri, onse akulu kwa ine. Wina ndi wa amayi aakulu, wina ndi wa bere limodzi ndi ine. Anabadwa chaka chimodzi: wa amayi aakulu m'Malichi anthu akudya dowe, winayo pa chizimalupsa. Kwathu kuno ku Chezi palibe amene ankakayika kuti wamkulu ndani.

Chaka cholembetsa zitupa za unzika, tinakafola pa sukulu tonse atatu. Mlembi anali mtsikana waulemu, koma makina ake sankalola malo a tsiku lobadwa kukhala opanda kanthu. Achimwene aakulu anatulutsa khadi la ubatizo la ku Mvera. Panali chaka ndi mwezi, tsiku panalibe. Mlembi anati zikatero amalemba tsiku loyamba la mweziwo, nawalembera 1 Malichi.

Aang'ono analibe khadi. Chaka anachitchula bwinobwino.

"Nanga mwezi, bambo?"

"Pa chizimalupsa."

"Ndiye Okutobala kapena Novembala?"

"Zimatengera mvula ya chaka chimenecho, mwanawe."

Mtsikanayo anayang'ana mzere umene unafika mpaka ku bwalo la mpira, nanena kuti wodziwa chaka chokha amapatsidwa 1 Januwale. Ine ndinalandira tsiku lomwelo, chaka changa. Theka la mpingo wathu linabadwa tsiku limenelo, mwakuti ndimawamvera chisoni azamba a m'mapiri muno, amene sanadyepo Nyuwere ali khale.

Motero wodziwa pang'ono anakula kuposa wodziwa zambiri. Yakobo anagula ukulu ndi mphodza. Achimwene aang'ono anangoupeza pa mzere.

Tinaseka n'kuiwala, kufikira pamene mwana wanga wamkazi anapeza mwamuna wa ku Ntchisi. Panafunika nkhoswe wamkulu, wolandira tambala kuchokera kuchimuna pa chinkhoswe, amene mawu ake amakhala otsiriza pa banjalo. Pokambirana pakhonde panga, aang'ono anasolola chitupa m'thumba la jekete n'kuchiika pa mphasa.

"Boma lanena," anatero. "Januwale ndi Malichi, umayamba ndi uti?"

"Iwe, ndinkakwawa iwe usanabadwe," anatero aakulu.

"Umboni uli kuti, achimwene? Wanga ndi uwu, uli ndi chithunzi."

Alamu anga, akazi awo a aang'onowo, anamasula chitupa chawo pa nsonga ya chitenje. Chaka chomwecho, 1 Januwale.

"Abambo ake, ngati chitupa sichinama, ife ndife mapasa. Mwakwatira mlongo wanu. Tikaulule kwa akulu a mpingo lero kapena mawa?"

Anthu anaseka mpaka misozi, koma aang'ono sanasunthe. Ine ndinaopa, chifukwa akuchimuna akamva kuti akuchikazi akulimbirana tambala, akanatha kubwerera naye. Ndinapemphera chamumtima pempho la Abrahamu kwa Loti, loti pasakhale ndewu pakati pa abale.

Aakulu anatola chitupacho, nachiyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kuchibweza ndi manja awiri.

"Zoona, akulu ndinu. Landirani tambala, achimwene."

Chinkhoswe chinayenda bwino. Aang'ono analandira tambala atavala tayi, ndipo anayankhula nthawi yaitali kuposa mlaliki.

Koma nkhoswe si wa tsiku la nkhuku lokha. Ana awiriwa amakondana, komanso onse ali ndi pakamwa. Mvula isanathe, uthenga unabwera kuti ayambana pa nkhani ya amene anasiya mbuzi m'fodya, nkhoswe wamkulu abwere. Aang'ono anakankha njinga m'zitunda za ku Ntchisi, matope mpaka m'maondo. Atangobwera, uthenga wina: mkamwini wagulitsa thumba la mtedza osauza mkazi wake. Kenaka nkhani ya dzina la mwana.

Tsiku lina ndinawapeza onse awiri pa chigafa cha aakulu. Aang'ono anali atavula nsapato, akusisita mapazi.

"Achimwene, ndakumbukira. Amayi ankati unali Okutobala. Ndamva kuti ku Boma amakonza zolakwika pa chitupa."

"Amakonza ukabwera ndi umboni," anatero aakulu, akusoka fodya osadzutsa mutu. "Umboni uli kuti?"

"Inuyo mukhoza kundichitira umboni."

"Ine? Mwana wa m'Malichi angadziwe bwanji za kubadwa kwa akulu ake? Pitani, achimwene, ana akudikira. Ati tsopano ndi nkhani ya wailesi."

Banja la mwana wanga lilipo mpaka lero, ndipo ndinene zoona, nkhoswe wakeyo walisamala. Malembo amati wofuna kukhala wamkulu akhale mtumiki wa onse. Aang'ono vesi limeneli analiwerenga ndi miyendo.

Inu nonse owerenga, a 1 Januwale enieni ndi ongopatsidwa, Iye amene anakudziwani musanaumbidwe m'mimba akusungeni, akuwalitsireni nkhope yake, ndipo masiku anu awawerenge yekha.