Mabotolo a Mwajabu

Amene anakulira pa Katete m'zaka zoyamba za ufulu akuwakumbukira amayi Mwajabu, aja a sitolo ya khonde lalitali m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, koma wa diso loyeza. Mwana akabwera ndi botolo kudzagula palafini, iwo ankayamba alikweza kudzuwa kuti aone kukula kwake, ndipo sankaonjeza dontho, sankaberanso dontho. Sanapite kusukulu. Anabadwira ku Malawi, cha kunyanja, n'kubwera kuno ndi amuna awo, a Hassan, munthu woseka ndi aliyense amene ankakhulupirira chilichonse bola chikhale cholembedwa ndi makina. Zaka makumi awiri a Hassan ankacheza ndi ogula pakhonde, akazi awo ali pa sikelo m'kati, ndipo sitolo inkayenda.

A Hassan anamwalira chaka choipa, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa dziko lonse chifukwa cha mkangano wa ku Rodeshiya. Petulo ankagulidwa ndi makuponi a boma. Chokwiyitsa n'chakuti malole odzaza migolo ya mafuta ankadutsa pa Katete pomwepo kupita ku Lusaka, kutisiyira fumbi lokha. Sitolo ya a Mwajabu inaloledwa magaloni makumi awiri pamwezi, pamene katundu ankayenera kukatengedwa ku Fort Jameson, komwe pano timati Chipata, kamodzi sabata iliyonse. Ulendo wopita ndi kubwera unali mamailosi zana limodzi ndi khumi. Ngati kuti mavuto sanakwane, galimoto yakale ya a Hassan inagogoda injini namfedwa akadali m'nyumba, ndipo amakaniko anati imeneyo yatsatira mwini wake.

Apa ndi pomwe analowera Che Shabani, mng'ono wa malemu. Iwowa anali atanena kale pamaso pa abale kuti sitolo si ya munthu wamkazi wosadziwa kuwerenga. Akuluakulu anagamula kuti namfedwa ayesere miyezi itatu. Mashelefu akapezeka opanda kanthu, Che Shabani atenga makiyi, ndipo a Mwajabu abwerera kwawo ndi ana. Mayi aja anamva bwino lomwe: galimoto yosakwanitsa maulendo anayi ndi magaloni makumi awiri inali tikiti yawo ya basi yopita ku Malawi.

Magalimoto ogulitsa analipo awiri. Ina inali kagalimoto koyera, kokongola, ka zaka zinayi, ka a Stanley a ku Fort Jameson, ndipo kanali ndi kabuku kake ka zithunzi kolembedwa kuti kamayenda mamailosi makumi atatu ndi asanu pa galoni imodzi. Inayo inali chigalimoto chobiriwira cha a Valentino, makaniko wa ku mishoni, chokalamba, chitseko chimodzi chomangidwa ndi waya. A Valentino atafunsidwa za mafuta anangokanda m'mutu, nati mwina mamailosi makumi awiri ndi awiri pa galoni, mwina kuchepera apo, zimadalira msewu, katundu ndi phazi la woyendetsa. Wogulitsa wotani ameneyo? Che Shabani anaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsiku lililonse ankabwera ndi kabuku kaja m'thumba la malaya, n'kukayala pa kauntala pomwe mlamu wawo akuyeza mchere. Ankaloza ndi chala manambala, ankawerenga Chingerezi mokweza kuti ogula amve kuti munthu anaphunzira. Ankati ndi koyera kaja maulendo akhala asanu ndi limodzi pamwezi, mafuta ena n'kutsalako. A Mwajabu ankafunsa funso limodzi lokha: amene analemba kabukuko anayezera pa msewu uti? Che Shabani ankayankha kuti azungu sanama papepala. Mayi aja ankangoluma mano, chifukwa anali atamvapo mawu omwewo zaka makumi awiri kuchokera pakamwa pena pamene ankapakonda.

Ndipo ululu wa nkhaniyi unali pamenepo. Kabuku kaja sikanabwere ndi Che Shabani. Kanapezeka m'sutikesi ya malemu, ndipo pachikuto a Hassan anali atalemba ndi dzanja lawo kuti "iyi ndiyo tigule." Che Shabani anadziwa kuti apeza ndodo yabwino. Akangoona kuti mlamu akukayika, ankatsitsa mawu n'kunena kuti munthu sanathe chaka m'manda, mawu ake ayamba kale kupondedwa. Akazi a pamzikiti nawonso anayamba kunong'ona. A Mwajabu zinawapweteka, ndipo zinawakwiyitsa koposa kuwapweteka, poti munthu wakufa sungakangane naye.

Anaitana a Filimoni, dalaivala wa pasitolopo kuyambira kale, nawafunsa m'mene munthu angadziwire kamwedwe ka galimoto. A Filimoni anayamba za kabyuleta ndi mapulagi, mayi aja n'kuwadula. Iwo ankafuna kudziwa ngati thanki ili ndi pakamwa, komanso ngati ikadzaza mafuta amaoneka. Atamva kuti inde, anati basi, imeneyo ndi ntchito ya palafini. Udzaze mpaka pakhosi, uyende, ukabwerako udzazenso mpaka pakhosi pomwepo, ndipo zimene wathirazo ndizo yamwa. Mabotolo aakulu a chakumwa cha olenji, asanu ndi limodzi amadzaza galoni, zimenezo ankazidziwa ngati dzina lawo.

A Valentino anavomera msanga kubwereka galimoto. A Stanley anazengereza, nati kabuku kanena kale, koma ataona kuti wogula ayamba kutembenuka anabwera nako kagalimoto kawo. Poyamba anapempha kuti ayendetse okha, kopanda katundu, kufika pa Sinda n'kubwerako. A Mwajabu anakana. Sankagula galimoto yokaonera achibale. Anati woyendetsa akhala mmodzi, msewu umodzi, katundu wofanana: matumba asanu a mtedza popita, ndipo pobwera mchere, shuga, sopo ndi madebe a palafini olemera chimodzimodzi, atawayeza okha. Magalimoto onse adzazidwira pamalo amodzi osapendekeka, kutsogolo kwa sitolo.

Anakweranso okha kutsogolo, nsalu kumutu, zimene zinadabwitsa Katete yense. Ankawadziwa a Filimoni kuti pamtsetse amakonda kuzimitsa injini, komanso kuti dalaivalayo pamtima pake anali atasankha kale chobiriwira. Anawachenjeza kuti ayendetse monga amayendetsera masiku onse, magalimoto onse mofanana, apo ayi akayambe kulima thonje.

Lachiwiri chinapita chobiriwira. Chinkalira ngati chigayo, fumbi linkalowera pansi, koma pazitunda chinkakwera osasintha mawu. Atabwerera madzulo, a Mwajabu anatulutsa debe, fanelo ndi botolo, nathamangitsa osuta fodya onse pakhonde. Anathira, anthu akuwerenga nawo, mpaka mafuta anaonekera pakhosi pa botolo la makumi atatu. Magaloni asanu. A Valentino anawerengera pansi ndi kamtengo napeza makumi awiri ndi awiri aja, ndipo sanaoneke ngati adabwa.

Che Shabani anasangalala kwambiri. Anauza aliyense kuti koyera kadzamwa mabotolo osakwana makumi awiri, anawerengera kale.

Lachiwiri linalo kanapita koyera. Popita kanayesetsa ndithu, ndipo a Mwajabu anavomereza mumtima kuti mpando wake unali wofewa. Pobwera ndi pomwe kanaulula. Katundu atakakhalira kumbuyo, kanagwada, ndipo pa chitunda chilichonse a Filimoni ankatsitsa giya, kainjini n'kumakuwa, liwiro lake la munthu wa panjinga. Msewu nthawi imeneyo unali wa miyala ndi mabampu, malole atauwononga. A Filimoni ankayang'ana abwana awo m'mbali ngati akuti mwaona, koma iwo anangoyang'ana kutsogolo. Sanafune kupambana ndi pakamwa.

Madzulo amenewo pakhonde panadzaza, ngakhale akuluakulu a banja anabwera. Che Shabani ankawerenga okha mokweza. Pa botolo la khumi ndi chisanu ndi chinayi anakweza dzanja kuti basi, mlamu asataye mafuta pansi. A Mwajabu anasuzumira pakhosi pa thanki: mdima. Anathirabe. Debe la mabotolo makumi awiri ndi anayi linatha, iwo n'kutsegula lina. Pa makumi atatu Che Shabani anasiya kuwerenga, ndipo a Stanley anayamba kufotokoza za mphepo imene inkawomba kutsogolo tsiku limenelo. Mafuta anaonekera pa botolo la makumi atatu ndi chisanu ndi chimodzi. Magaloni asanu ndi limodzi, mamailosi khumi ndi asanu ndi atatu pa galoni, maulendo atatu okha pamwezi ndi kadontho kotsala. Sabata imodzi mwezi uliwonse sitolo ikanakhala yopanda mchere.

A Valentino anapempha kabuku kaja, natembenuza kumapeto kumene kunali timalemba tating'ono. Anawerenga n'kumasulira kuti manambalawo anayezedwa galimoto ili yatsopano, pa msewu wa phula wosalala, pa liwiro losasintha, mulibe katundu koma anthu awiri. Kabuku sikananame ayi. Kanangonena za msewu umene kuno kunalibe. Che Shabani, ophunzira aja, masabata atatu onse ankawerenga malemba aakulu okha.

Munthu akachita manyazi amafuna pothawira. Che Shabani anatembenukira kwa akuluakulu, kenaka kwa mlamu wawo, nafunsa.

"Ndiye mukuti achimwene anali chitsiru, mlamu? Nenani pano anthu amve."

A Mwajabu anapukuta manja pa nsalu pang'onopang'ono.

"Achimwene anu anali munthu wokhulupirira anzake," anatero. "Ankabwera ndi pepala, ine n'kuyeza, iwo n'kuseka n'kusintha maganizo. Zaka makumi awiri timatero. Akanakhala ndi moyo, fanelo iyi akanandigwirira ndi iwo."

Mkulu wina wa banja anatsokomola, nati zimenezo n'zoona, malemu ankachita choncho. Nkhani ya makiyi sinatchulidwenso tsiku limenelo, ndipo miyezi itatu itatha panalibe amene anaikumbutsa. A Mwajabu anagula chobiriwira, ndipo chinayenda maulendo anayi mwezi uliwonse, mafuta okwanira ndendende, moti mwezi wa Malachiwiri asanu a Filimoni ankapita pa basi. Chinatumikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sitolo inaphunzitsa ana onse anayi.

Koma madzulo aja, anthu atabalalika, a Mwajabu analowa m'sitolo natseka chitseko dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala pa thumba la mchere, manja akununkha petulo. Pamaliro analira monga mwambo umafunira, koma mkwiyo unali usanatuluke. Tsopano anayamba kuwakalipira amuna awo mokweza, ngati ali pakhonde paja: munthu wanji wolemba "tigule" osafunsa, wosiya mkazi kuti akatsutse dzanja lake pamaso pa anthu, wochoka ntchito isanathe. Anakalipa mpaka mawu anatha, ndipo anadikira kaye, poti nthawi zonse akafika pamenepo a Hassan ankaseka.