Paundi Yoonjezera ya Dyness NyaLungu

Dyness NyaLungu anakwatiwa ndi Wallace Zimba wa ku Manyamula mu 1959. Mu 1965 Wallace anapita ku Joni kukaphika mu hotela, kumusiya ndi ana atatu pamudzi pa apongozi ake, a Nason Zimba.

Mwezi uliwonse Wallace ankatumiza marandi 12 kudzera ku positi ofesi ya ku Mzimba Boma. Dyness anali ndi kope lomwe analilemba mizere isanu: tsiku, marandi amene atumizidwa, mtengo wa randi imodzi, mapaundi amene walandira, ndi zimene wagula. Masiku amenewo randi inali masheleni khumi, paundi masheleni 20, ndiye ankalandira mapaundi sikisi. Sopo, mchere, parafini, fizi ya ana, aganyu a kumunda ndi shuga wa apongozi zinkatha ndalama yonse. Mzere wachitatu uja sunkasintha, koma iye ankaulembabe.

Pa 18 Novembala 1967 paundi ya ku Mangalande inatsika mphamvu, ndipo yathu inatsika nayo. Randi sinatsike. Mu Disembala kalaliki anamuwerengera Dyness mapaundi seveni, namuuza kuti tsopano randi ndi masheleni 11 ndi mapeni 8. Dyness analemba mtengo watsopanowo, nadziwitsa mwamuna wake m'kalata. Zogula sanaonjezere. Paundi yapamwambayo ankaimanga m'kansalu, ndipo mu Seputembala 1968 anagula makina osokera kwa mphunzitsi wina wamwamuna amene ankasamutsidwira ku Kasungu, pa mapaundi khumi.

Makina atalowa m'mudzi pa ngolo, mlamu wake Zondwayo, mkulu wa Wallace, anaitanitsa bwalo la pabanja. Zondwayo anagwirako ntchito ku migodi, ndipo nkhani za ku Joni palibe ankamutsutsa.

"Adada, ine randi ndimaidziwa ngati chikhatho changa," anatero kwa a Nason. "Ndi masheleni khumi. Marandi 12 ndi mapaundi sikisi, ndipo onsewo amathera m'nyumba. Nanga makinawa? Mphunzitsi angangopereka makina kwa mkazi wa mwini?"

Aliyense anamva tanthauzo lake. Kwathu kuno malobolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Mkazi wopezeka ndi mlandu wotere amabwerera kwao yekha.

Dyness anagwada patali monga mwa mwambo, napereka kope kudzera mwa apongozi aakazi.

"Kope limavomera chilichonse chimene wolemba wafuna," anatero Zondwayo, osalitsegula n'komwe.

"Mwanena zoona, alamu," anayankha Dyness. "Ndiye ndapota, ndalama ya mwezi wa mawa tikatengere limodzi. Ine ndisaina, inu muwerenge ndi manja anu. Ikakhala mapaundi sikisi, mbwenu ndinyamule mtolo wanga."

A Nason anavomera.

Pa 8 Okutobala ananyamuka pa njinga ziwiri, Zondwayo patsogolo atavala jekete lake la ku Joni. Ku positi Zondwayo anayamba wawerenga kalata ya mng'ono wake: marandi 12. Kalaliki, mnyamata wa ku Dedza, anaika ndalama pa kauntala. Zondwayo ananyowetsa chala n'kuwerenga. Anawerenganso. Kenako anakankhira paundi imodzi mkati.

"Achimwene, mwapyoza. Adzakuchotsani ntchito."

"Sindinapyoze, bambo. Marandi 12 pa masheleni 11 ndi mapeni 8 ndi masheleni 140. Mapaundi seveni."

"Randi ndi masheleni khumi!"

"Munabwerako liti ku Joni?"

"Sikisite-foro."

"Ndiye randi yanu inakalamba, bambo. Wotsatira!"

Amayi a pamzere anaseka mpaka kugwirana mapewa. Zondwayo anatuluka, nakhala pa khonde, ndipo apo m'pamene anapempha kope lija. Anatsata mzere wachitatu ndi chala kufika pa Disembala, pamene nambala inasinthira, n'kuwerenga miyezi khumi, paundi imodzi imodzi.

"Mulamu," anatero, "ndalakwa chomene."

"Mukanene komwe munanenera zija, alamu."

Ananenadi, pamaso pa onse. A Nason anamulamula kupereka mbuzi kwa mkamwana wawo, ndipo Dyness anaigulitsa n'kugula ulusi ndi nsalu.

Kuyambira pamenepo akazi a amuna a ku Joni ankabwera pakhonde pake ndi makope kuti awalembere mizere. Ankawauza kuti asatuluke mu positi asanafunse mtengo wa randi. Kwacha itabwera mu 1971 anangosintha mutu wa mizere, paundi imodzi kukhala makwacha awiri. Anasoka mayunifolomu a sukulu ku Manyamula mpaka maso atafooka, ndipo ana ake atatu aja anakulira pakhomo pake, phokoso la makina lili m'makutu. Chovala choyamba chimene anasoka molipiritsa chinali jekete la Zondwayo, lomwe linang'ambika m'khwapa pa ulendo wa ku Boma. Anamulipiritsa sheleni imodzi, ndipo anailemba m'kope.