Batani Limene Ndinakana

Ntchito yanga inali yolemba mayankho a chatiboti, kapulogalamu ka pa foni kamene kamayankha munthu akakalembera uthenga. Ka bungwe lathu kankalembetsa alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula kuti alandire mbewu ya mtedza kudzera m'makalabu awo. Ine, poti bambo anga anali mphunzitsi, Chichewa ndimachidziwa, ndipo matama ndinali nawo, ndisaname.

Mnzanga wa muofesi, mayi wina wodekha, ankandiuza kuti ziganizo zifupike, uthenga uliwonse unene chinthu chimodzi, ndipo munthu akasankha chinthu chachikulu, foni izimufunsanso ndi mabatani awiri, Inde ndi Ayi.

"Kodi alimi mukuwayesa ana?" ndinamukalipira. "Munthu wamkulu safunsidwa kawiri."

Ndinalemba uthenga wautali, waulemu ngati kalata ya ku mpingo, wodzaza ndi "ndondomeko" ndi "kutsimikizira umembala". Pansi pake ndinaika mabatani atatu. Lachitatu linali lochotsa dzina pa mndandanda, ndipo ukalidina, basi, watuluka.

Mvula yoyamba itagwa ndinapita kwathu ku Nsaru. Minda ya anzawo inali itadzalidwa, koma mizere ya amayi anga inali mbee. Mbewu sanalandire. Mlembi wa kalabu anawauza kuti dzina anachotsa okha.

Ndinatenga foni yawo, ija ndinawagulira ndine. Zoonadi, anadina lachitatu.

"Amayi, simunawerenge kodi?"

Anayang'ana kumbali. "Zilembo zikachuluka zimandisokoneza, mwanawe. Ankandiwerengera ndi bambo ako. Ndinangodina la pansi, ndimati ndi pomaliza."

Kalanga ine. Zaka zonsezi ndinkawaona m'tchalitchi atatsegula buku la nyimbo, osadziwa kuti amaimba za pamtima. Bambo anamwalira, ine osafunsa n'komwe kuti makalata akuwawerengera ndani. Manyazi anandigwira.

Nditabwerera ku tauni ndinapepesa kwa mnzanga uja, ndipo tinalembanso zonse. Chiganizo chimodzi, mawu a tsiku ndi tsiku. Wodina lotuluka tsopano ankafunsidwa kuti, "Mukutuluka m'kalabu? Mbewu simulandira." Pansi pake Inde ndi Ayi, Inde ali ndi chochonga, Ayi ali ndi mtanda.

Ndinakawayesetsa amayi pa khonde. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo, milomo ikugwedera, kenako anadina Ayi.

"Izi ndiye zomveka," anatero. "Zikanakhala chonchi bwenzi mtedza wanga utamera."

Iwo ankangodziwa kuti ndimagwira ntchito ya makompyuta ku bungwe limenelo. Anandibwezera foni.

"Amene analemba zoyamba zija umamudziwa eti? Ukamufunse ngati ali ndi mayi ake kumudzi."

"Ndikamufunsa, amayi," ndinayankha.

Mpaka lero sindinawauze.