Kachingwe Kofiira

Mayi Sofiya a ku Yofu anaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma pa ntchito. Chimwalirireni mwana wawo Dean, ankangodzuka, kusesa pabwalo, n'kukhala pakhonde. Misozi inali itauma kalekale.

Tsiku lina a Allan, a bungwe lothandiza asodzi ku Chipyela, anawabweretsera buku la kagwiritsidwe ntchito ka injini za maboti, limene munthu wina analimasulira m'Chichewa.

"Mulibwezere m'Chingerezi, mayi," anatero a Allan. "Loyamba la Chingerezilo sitikuonetsani. Tidzafananitsa lanulo ndi loyambalo, tione ngati womasulira anataya kanthu."

Mayiwo anagwira ntchitoyo monga ankaseseramo, osafulumira, osamva kanthu. Kenaka anafika pa tsamba la kalizidwe ka injini. Panali za mafuta, za giya, za kukoka chingwe cholizira. Koma za kachingwe kofiira komanga pamkono, kamene kamazimitsa injini woyendetsa akagwera m'madzi, panalibe. Dean sanakamange tsiku limene anagwa m'boti lake. Boti linazungulira lokha n'kudzamugunda m'madzimo.

Dzanja linafuna kulemba mzere wosowawo, koma analiletsa. Akanauwonjezera, mabuku awiri a Chingereziwo akanagwirizana bwinobwino, ndipo la Chichewa likanapita kwa asodzi lili choncho. Analemba zimene zinalipo basi.

Patapita masiku, a Allan anabweranso. "Tapeza kuti mzere wa kachingwe kofiira unasowa, taubwezeretsa. Kodi inuyo simunaone?"

"Ndinaona," anayankha mayi Sofiya.

Anatenga tsache, n'kuyamba kusesa pamene anali atasesa kale.