Nyanja Ziwiri za M'kalata ya Asekuru

Chinali chaka cha 1970, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala kumudzi kwathu kufupi ndi Embangweni. Kuseri kwa nyumba kunali chitunda, ndipo m'munsi mwake munali kasupe wozunguliridwa ndi mitengo ya katope. Madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa. Sankaphwa ngakhale mu Okutobala.

Chaka chimenecho adada anaganiza zolima fodya. Ankafuna mizati ya chigafa choyanikamo fodyayo, ndipo maso awo anagwera pa katope uja. Ine anandisulitsira nkhwangwa yangayanga kuti tikadulire limodzi. Ndinkainola tsiku lililonse.

Mlongo wanga Nyuma, amene ankatunga madzi a pakhomo, anakana. Adada anaseka. Anati kasupeyo ndi timadzi tongothera m'dambo, ndipo mitengo sibala madzi. Nyuma sanatsutse. Analemba kalata kwa asekuru athu, bambo wa amama, amene anakalambira ku Liwonde. Kumeneko anagwira ntchito yowolotsa anthu ndi magalimoto pa Shire mlatho usanamangidwe.

Yankho linabwera m'Chichewa, chifukwa asekuru anakhalitsa kummwera. Ife Chichewa tinkangochiphunzira kusukulu. Nyuma anawerenga pakhonde mwachibwibwi, akumasulira m'Chitumbuka. Ndinaimva kangapo, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira:

"Mdzukulu wanga Nyuma, kasupe sapanga madzi. Madzi ndi mvula. Ikagwa pachitunda pamene pali mitengo, masamba ogwa amaigwira kuti isathamange. Imalowa m'nthaka potsata mizu, n'kutsika mpaka itapeza thanthwe limene silingailole kupyola. Pamenepo imayenda cham'mbali pang'onopang'ono. Pamene thanthwelo layandikira kunja, madzi amatuluka. Ameneyo ndiye kasupe. Madzi amene ukumwa m'chilimwe ndi mvula ya dzinja. Mukadula mitengo, mvula idzathamanga pamwamba, idzakokolola dothi n'kukwirira kasupeyo.

"Madzi sadziwa kumpoto kapena kummwera. Amadziwa kutsika basi. Anuwo amadutsa m'dambo, amakumana ndi timitsinje tinzake, n'kulowa mu Rukuru. Rukuru amapita kumpoto, akulandira mtsinje wa Mzimba ndi ina, amapanikizika pakati pa mapiri ku Njakwa, kenako amatsika maphompho n'kugwera m'nyanja. Kuchoka apo ndi Shire, kudutsa pano pakhomo panga, kugwa m'mathithi, kufika ku Nsanje, n'kulowa mu Zambezi. Zambezi amakatsanulira m'nyanja imene madzi ake ndi amchere, osamweka. Dzuwa limawakweza kukhala mitambo, ndipo mphepo imabwera nayo kwa inu."

Adada anamvetsera atapinda manja. Ulemu kwa apongozi awo anali nawo, koma kugonja sankakudziwa.

"Mbwenu tichite chonchi," anatero. "Kalatayi ikakhala yoona yonse, nkhwangwa ndisiya. Ndikapezamo bodza limodzi lokha, katope agwa Loweruka."

Nkhwangwa yanga ndinkaikonda. Koma ndinkafunanso kudziwa amene akunama. Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinatunga chidebe n'kutsanulira pansi pa katope. Madzi analowa osaoneka kumene apita, n'kusiya fungo la masamba owola. Chidebe china ndinatsanulira panjira ya ng'ombe. Anathamanga, ofiira ndi dothi. Adada anaona.

M'mawa mwake ine ndi Nyuma tinatsata madziwo. M'dambo anasowadi. Panali udzu wokhawokha ndi matope onunkha dzimbiri, ndipo mtima wanga unati adada apambana. Koma pansi pankanjenjemera tikaponda, ndipo mapazi athu ankadzaza madzi. Kumunsi kwa dambolo anatulukanso, kamfuleni kopapatiza ngati lamba. Tinakatsata. Kanakumana ndi kena, kenako kena. Poyamba ndinkakalumpha ndi mwendo umodzi. Dzuwa lili pamutu tinkawoloka madzi akufika m'maondo. Ndinapunthwa pamwala, chikhadabo cha chala chachikulu n'kuchoka. Nyuma anandimanga ndi luzi, nati ndikalira akauza anzanga onse. Sindinalire.

Kenako tinaona mchenga woyera ndi bango. Rukuru. Anyamata ankamwetsa ng'ombe. Ndinaponya chitsononkho m'kamtsinje kathu, ndipo chinalowa mumtsinje waukulu n'kukhotera kumpoto, monga kalata inanenera.

Tinafika kunyumba madzulo, ine ndikutsimphina. Tinafotokoza zonse. Adada anagwedeza mutu.

"Mwayenda chomene, yewo. Koma bodza ndalipeza kale. Akuti nyanja ndi yamchere. Ine ndinamwa madzi a m'nyanja ku Nkhata Bay ndi pakamwa pangapa. Mchere munalibe. Apongozi akalamba."

Misozi inalengeza m'maso mwa Nyuma. Kwathu nyanja inali imodzi. M'Chitumbuka timati nyanja, m'Chichewa nyanja, ndipo tonse tinkadziwa kuti mitsinje imathera momwemo. Nyuma pomasulira, ifenso pomvera, tinkaona nyanja imodzi yomweyo.

Ndinatenga kalatayo ndekha. Ndinawerenga ndi chala, liwu ndi liwu, monga ankatiphunzitsira kusukulu. Mawu oti nyanja ndinawapeza kawiri. Pakati pawo panali Shire.

"Adada," ndinatero, "pokapempha kukwatira amama, munapita ku Liwonde?"

Nkhani imeneyo ankainyadira. Aliyense m'mudzi anaimva. "Ndinapita. Apongozi anandiwolotsa okha, akundiyang'ana ngati mbava."

"Madzi amene munawolokawo ankalowa m'nyanja, kapena ankachokako?"

Amama, amene ankasenda nyemba chapatali, anayankha osakweza mutu.

"Ankachokako, amuna anga. Munachita kufunsa nokha kuti nanga nyanjayo siitha bwanji. Adada anga anakuyankhani kuti mitsinje ya kwanu ndiyo imaidzaza."

"Ndiye nyanja zili ziwiri," ndinatero. "Yoyamba ndi imene munamwa. Ili ndi khomo lotulukira, n'chifukwa chake mchere sukhalamo. Yachiwiri ili kumathero a Zambezi. Ilibe khomo. Dzuwa limatenga madzi okha, mchere umatsala."

Za khomozo sizinali m'kalata. Ndinaziganiza pomwepo, ndipo pambuyo pake aphunzitsi anati ndinalondola.

Adada anayang'ana kuchitunda. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni.

"Ndiye kuti ndinayenda ulendo wonse uja kukawoloka madzi a kuseri kwa nyumba yanga?"

Anadzuka, anatenga nkhwangwa zonse ziwiri n'kuzisomeka kudenga la khola. Loweruka tinakabzala nthochi kumunsi kwa kasupe. Nyuma anavina ndi chidebe pamutu, madzi osatayika. Ine tsiku limenelo ndinadya ndi akuluakulu kumphala, kumene amuna amadyera.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Nyanja yamchere sindinaionepo, ndipo sindidzaiona. Koma ndikudziwa njira yopitira kumeneko kuposa ana a masiku ano amene amaiona pafoni. Zitunda zambiri zimene ndinkazidziwa kuyambira kuno mpaka ku Jenda zinametedwa ndi makala ndi fodya. Akasupe ake anakwiririka. Akazi amapanga mzere pamjigo, ndipo mjigo ukawonongeka amabwera kwathu ndi zigubu. Sindiwabweza. Ndimangowauza kuti asathyole ngakhale kanthambi.

Zimene tinataya ndimaziwerenga bwinobwino. Fodya wa chaka chimenecho sitinalime. Chikhadabo changa chinamera chokhota. Kalata inadyedwa ndi chiswe m'sutikesi ya amama. Asekuru anamwalira ndisanawaone, ndipo Nyuma tinamuika zaka zapitazo. Ndi zisanu zimenezo. Kasupe sali m'gulumo.